Kudziwitsa Ogwira Ntchito za Kusintha kwa Maola kapena Lamulo Latsopano: Mafunso ndi Mayankho

Mafunso ali m'munsiwa amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa oyang'anira maofesi, alembi ndi a kunthambi yoona za ogwira ntchito, makamaka akapatsidwa ntchito yolemba chidziwitso chopita kwa aliyense. Kuti mayankho asakhale a m'malere, nditsatira chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Tiyerekeze ofesi ya anthu 40 imene imalowa 8 koloko m'mawa n'kuweruka 5 koloko madzulo, Lolemba mpaka Lachisanu, ndi ola limodzi la nkhomaliro. Akuluakulu akufuna kuti anthu azilowa 7:30, aziweruka 5 koloko Lolemba mpaka Lachinayi, koma Lachisanu aziweruka 1:30 masana.

Kodi chidziwitso chotere chimayenera kukhala ndi chiyani?

Munthu akalandira chidziwitso, funso lake limakhala limodzi: ine ndichita chiyani chosiyana ndi zomwe ndimachita? Yankho la funso limeneli likhale m'mizere iwiri yoyambirira. Nenani chimene chikusintha, tsiku limene chiyambe, ndi anthu amene chikuwakhudza. Chifukwa chake chibwere pambuyo, kenako zimene sizikusintha, ndipo pomaliza munthu amene angafunsidwe ndi tsiku lomaliza kulandira mafunso.

Gawo limene ambiri amaiwala ndi la zimene sizikusintha. Anthu akamva kuti maola asintha, maganizo amathamangira ku malipiro. Mukapanda kunena kuti malipiro ali pomwepo, wina adzanena m'malo mwanu, ndipo adzanena zolakwika.

Tsiku lilembedwe lonse: dzina la tsiku, deti, mwezi ndi chaka. Mawu ngati "sabata ya mawa" kapena "mwezi ukubwerawu" amasokoneza amene awerenge chidziwitsocho atabwera kutchuthi patapita masiku khumi.

Kodi tingangolengeza basi, kapena tiyenera kuyamba tafunsa ogwira ntchito?

Apa ndi pamene maofesi ambiri amagwera m'mavuto, choncho ndikhalapo pang'ono. Musanalembe chilichonse, tsegulani makontirakiti. Muone ngati maola ogwirira ntchito analembedwamo, ndipo analembedwa motani.

Ngati kontirakiti ikunena mwatchutchutchu kuti munthu azigwira kuyambira 8 koloko mpaka 5 koloko, maolawo ndi mbali ya mgwirizano wa anthu awiri. Mgwirizano susinthidwa ndi mbali imodzi kudzera pa pepala lomata pakhoma. Pamafunika kukambirana, kugwirizana, ndi kulemba kusinthako m'kalata imene wogwira ntchito asaine. Ngati kontirakiti ikungonena kuchuluka kwa maola pa sabata n'kuwonjezera kuti bwana angasinthe nthawi yolowera ndi yowerukira malinga ndi ntchito, mpata ulipo wokulirapo. Komabe mpatawo sukutanthauza kuti mungasinthe lero n'kuyamba mawa. Ndipo ngati pa ofesipo pali yuniyoni yokhala ndi mgwirizano ndi kampani, mgwirizanowo kawirikawiri umanena njira yosinthira maola, ndipo njirayo itsatidwe chidziwitso chisanatuluke.

Chachiwiri ndi malamulo a ntchito a dziko lanu, amene amaika malire a maola pa tsiku ndi pa sabata. Malire ambiri anachokera ku mapangano a bungwe la ILO, loona za ntchito pa dziko lonse lapansi. Pangano loyamba la bungweli, la 1919, linaika maola 8 pa tsiku ndi 48 pa sabata kwa ogwira ntchito m'mafakitale. La 1930 linafikitsa malirewo ku maofesi ndi malo a malonda, ndipo linalola kuti maola a sabata agawidwe mosiyana malinga ngati tsiku limodzi silipitirira maola 10. Koma dziko lililonse lili ndi lamulo lake, ndipo ndi lamulolo limene lidzagwiritsidwe ntchito nkhani ikafika kwa oweruza. Liwerengeni, kapena mufunse wodziwa malamulo a ntchito.

Ngakhale pamene lamulo silikukukakamizani, ine ndimalangiza kufunsa. Amene amatsegula ofesi m'mawa, amene amasiya ana kusukulu asanabwere, amene amatseka mabuku a ndalama Lachisanu madzulo, amadziwa zinthu zimene mkulu wa ofesi sangazione ali pa desiki pake. Chokhacho, musafunse mwachiphamaso. Ngati chiganizo chamangidwa kale, nenani kuti chamangidwa ndipo mukufuna maganizo pa kayendetsedwe kake. Anthu amapwetekeka kwambiri akazindikira kuti anaitanidwa kudzakambirana nkhani yotha kale.

Tiwauze kutatsala nthawi yaitali bwanji?

Ngati kontirakiti, mgwirizano wa yuniyoni kapena lamulo zikutchula nthawi, tsatirani imeneyo. Ngati palibe, muyezo wake ndi zimene munthu ayenera kukonza pa moyo wake kuti akwanitse. Kulowa mofulumira ndi mphindi 30 kumaoneka kochepa, koma kumasintha nthawi yodzuka, mayendedwe, ndiponso amene atsale ndi mwana. Zoterezi sizikonzeka m'masiku awiri. Pa kusintha kwa maola, masabata anayi ndimaona kuti ndi abwino. Pa lamulo laling'ono losakhudza moyo wa kunyumba, monga njira yatsopano yopemphera zipangizo za mu ofesi, sabata imodzi imakwana.

Sankhani tsiku loyambira limene lili Lolemba, ndipo ngati n'kotheka likhale poyambira mwezi wa malipiro. Mukayamba pakati pa mwezi, owerengera malipiro amakhala ndi mwezi umodzi wa malamulo awiri, ndipo zolakwika za ovataimu zimachokera pamenepo.

Ndani asaine, ndipo ndani amve poyamba?

Asaine amene ali ndi mphamvu pa chiganizocho. Chidziwitso chongolembedwa kuti "Akuluakulu" pansi chimasiya anthu osadziwa kopita ndi dandaulo.

Oyang'anira nthambi amve tsiku limodzi kapena awiri ena onse asanamve, ndipo apatsidwe mayankho a mafunso ovuta aja a malipiro, tchuthi ndi ovataimu. Wogwira ntchito akawerenga chidziwitso sapita kwa mkulu wa kampani, amatembenukira kwa bwana wake wapafupi. Bwanayo akayankha kuti "inenso ndangoona kumene," chidziwitso chataya mphamvu. Koma musatalikitse mpatawu, chifukwa nkhani yodziwika ndi anthu asanu ndi mmodzi sikhala m'chipinda sabata yathunthu.

Mungatipatse chitsanzo cha chidziwitso chathunthu?

Nachi, cha ofesi ija ya anthu 40:

> Kwa: Ogwira ntchito onse
> Kuchokera kwa: Mkulu wa Ofesi
> Tsiku: Lolemba, 4 Meyi 2026
> Mutu: Maola atsopano kuyambira Lolemba, 1 Juni 2026
>
> Kuyambira Lolemba, pa 1 Juni 2026, tizilowa ntchito 7:30 m'mawa m'malo mwa 8 koloko. Lolemba mpaka Lachinayi tiziweruka 5 koloko madzulo monga kale, ndipo nkhomaliro ikhalabe kuyambira 12 koloko mpaka 1 koloko. Lachisanu tiziweruka 1:30 masana, popanda ola la nkhomaliro.
>
> Kusinthaku kukukhudza onse ogwira ntchito masana. Alonda apitiriza ndi mashifiti awo. Okonza mu ofesi ndi madalaivala alandira ndondomeko yawo kuchokera kwa owayang'anira pofika Lachisanu, pa 15 Meyi.
>
> Tachita izi chifukwa makasitomala ambiri amafika m'mawa tisanatsegule, pamene Lachisanu masana amabwera ochepa.
>
> Maola a pa sabata akhalabe 40 ndipo malipiro sasintha. Masiku a tchuthi aziwerengedwa monga kale. Ovataimu iziyamba 5 koloko Lolemba mpaka Lachinayi, ndi 1:30 Lachisanu, ndipo izivomerezedwa kaye ndi woyang'anira wanu.
>
> Tiyesa maolawa kwa miyezi itatu, ndipo tidzaunikanso Lolemba, pa 31 Ogasiti 2026. Ngati muli ndi funso, kapena nthawi yatsopanoyi ikukuvutani, onanani ndi woyang'anira wanu kapena a nthambi yoona za ogwira ntchito pofika Lachisanu, pa 15 Meyi.

Onani kuti mutu wokha ukunena kale nkhani ndi tsiku. Amene angowerenga mutu pa foni n'kusiya wadziwa chofunika kwambiri. Onaninso kuti nthawi yakale yatchulidwa pambali pa yatsopano, kuti wowerenga aone yekha pamene pasintha.

Musanatumize, werengetsani maola ndi pensulo. Kuyambira 7:30 mpaka 5 koloko ndi maola 9 ndi theka. Kuchotsa nkhomaliro atsala 8 ndi theka. Masiku anayi akwana 34. Lachisanu ndi maola 6. Onse pamodzi 40. Chidziwitso chikanena kuti maola sasintha pamene masamu akuonetsa 41, wina adzawerengetsa tsiku lomwelo, ndipo zina zonse zimene mwalemba zidzakayikiridwa.

Kodi n'koyenera kunena chifukwa chenicheni?

Inde, ndipo chiganizo chimodzi kapena ziwiri zimakwana. Mawu ngati "pofuna kupititsa patsogolo kagwiridwe ka ntchito" sanena kanthu, ndipo anthu akawawerenga amayamba kufufuza chifukwa chobisika. Ngati mukufuna kuchepetsa ndalama za magetsi, nenani choncho. Ngati ndi makasitomala, nenani choncho.

Pali pamene simunganene zonse, monga lamulo likabadwa chifukwa cha kulakwa kwa munthu mmodzi. Musamutchule, ndipo musalembe moti aliyense amuloze. Nenani vuto lokhalo: makiyi a galimoto akhala akusowa owasunga, choncho kuyambira tsiku lakuti azisainidwa m'buku. Ndipo dzifunseni kaye ngati vuto la munthu mmodzi likufunikadi lamulo la anthu 40, kapena likungofunika kukhala naye pansi munthuyo.

Titumize pa imelo, pa WhatsApp, pa bolodi la zidziwitso, kapena tiitanitse msonkhano?

Pakhale chikalata chimodzi chosainidwa, chokhala ndi deti, chimene chili gwero. Njira zina zonse zingonyamula chikalata chomwecho osasintha mawu. Imelo ndi yabwino kwa amene amakhala pa kompyuta, koma dalaivala ndi wokonza mu ofesi mwina alibe imelo ya kuntchito. Iwowa apatsidwe pepala m'manja. Pa bolodi matani kope, ndipo chotsani lakale. WhatsApp igwiritsidwe ntchito pokumbutsa, osati polengeza, chifukwa uthenga umakwiririka ndi mauthenga ena ndipo si onse ali pa gulu.

Msonkhano ndi wofunika pamene kusintha kukukhudza moyo wa kunyumba kapena ndalama. Ukhale waufupi, ndipo uchitike anthu atawerenga kale, tsiku lomwelo kapena lotsatira. Musaiwale amene ali kutchuthi, odwala, amene ali patchuthi cha uchembere ndi amene ali kumaulendo a ntchito. Lembani mayina awo, ndipo wina apatsidwe udindo wowafikira mmodzimmodzi. Ngati ena pa ofesipo amawerenga bwino chilankhulo china, chidziwitso chikhale m'zilankhulo zonse ziwiri.

Pewani kutumiza Lachisanu anthu akuweruka. Amapita kunyumba ndi mafunso opanda wowayankha, ndipo pofika Lolemba nkhani yakula.

Tanena kuti maola akhalabe 40. Bwanji anthu akufunsabe za ovataimu ndi tchuthi?

Chifukwa ali ndi mfundo. Masiku akasiya kufanana kutalika, zinthu zonse zimene zimawerengedwa ndi tsiku zimagwedezeka.

Tiyambe ndi ovataimu. Kale munthu akagwira kupitirira maola 8, ola lotsatira linali la ovataimu. Tsopano tsiku wamba ndi maola 8 ndi theka. Kodi theka la ola lowonjezeralo ndi ovataimu? M'mayiko ena lamulo limawerenga ovataimu pa tsiku, m'mayiko ena pa sabata. Ngati kwanu limawerenga pa tsiku kuyambira ola la 8 likatha, ndondomeko yatsopanoyi ingabale maola awiri a ovataimu pa munthu aliyense sabata iliyonse. Pa anthu 40, amenewo ndi maola 80 pa sabata amene palibe anawaika mu bajeti. Ichi chifufuzidwe chidziwitso chisanalembedwe, monga ndanenera m'yankho la funso lachiwiri.

Tchuthi nacho chili ndi msampha wake. Ngati chimawerengedwa ndi masiku, amene watenga Lolemba kasanu wapuma maola 42 ndi theka, pamene amene watenga Lachisanu kasanu wapuma maola 30 okha, koma onse achotseredwa masiku asanu. Anthu amazindikira zimenezi msanga, ndipo mudzaona mafomu a tchuthi cha Lachisanu akuchepa. Mungasankhe kusiya momwemo, tsiku n'kukhala tsiku, monga m'chitsanzo chathu. N'zosavuta kuwerenga ndipo ambiri amazilandira akauzidwa poyera. Kapena mungayambe kuwerenga tchuthi ndi maola, zimene ndi zachilungamo kwambiri koma zimawonjezera ntchito kwa osunga mabuku. Chimene simuyenera kuchita ndi kukhala chete n'kusiya woyang'anira aliyense aziganiza yekha.

Palinso maola 6 a Lachisanu opanda nkhomaliro. Malamulo a mayiko ambiri amafuna kuti munthu apume akagwira maola angapo motsatizana. Onani malire a kwanu. Ngati maola 6 akupitirira malirewo, ikani nthawi yopuma ndipo muwerengetsenso nthawi yowerukira.

Nanga alonda, madalaivala, okonza mu ofesi ndi wolandira alendo?

Awa ndi amene kusintha kumawagunda kwambiri, ndipo ndi amene amakumbukiridwa pomaliza. Ngati okonza mu ofesi amafika ola limodzi ena asanafike, kulowa 7:30 kukutanthauza kuti iwo azifika 6:30. Kodi pa nthawi imeneyo angapeze choyendera? Ngati ayi, mwina kukonza kusamukire madzulo. Dalaivala wonyamula ogwira ntchito adzayambanso mofulumira. Ngati alonda kapena okonza ndi a kampani ina, kampaniyo ilembereni kalata yakeyake, chifukwa anthu ake salamulidwa ndi chidziwitso chanu.

Lachisanu masana ganizirani foni ndi khomo. Makasitomala ndi obweretsa katundu auzidwe, chikwangwani cha pakhomo chisinthidwe, ndipo ngati wina atsalire kuyankha foni, zilembedwe kuti ndani, mosinthana bwanji, ndipo maola akewo abwezedwa motani.

Wina akanena kuti sangathe kufika nthawi yatsopanoyo, titani?

Mumveni payekha, osati pa msonkhano. Zifukwa zimene zimabwera kawirikawiri ndi ana, odwala kunyumba, mayendedwe, sukulu ya madzulo, thanzi ndi mapemphero. Zina mwa izi, monga ulumali, kukhala ndi pakati ndi chipembedzo, zimatetezedwa ndi malamulo oletsa tsankho m'mayiko ambiri, choncho musazikane mwachangu.

Nthawi zambiri njira imapezeka. Mu ofesi yathu ija, amene sangafike 7:30 angalowe 8 koloko n'kuweruka 5:30, kapena kufupikitsa nkhomaliro kukhala mphindi 30 ngati lamulo likulola. Chimene mwagwirizana chilembedwe, chikhale ndi tsiku lounikanso. Ndipo muyezo ukhale umodzi kwa onse. Mukalola wina chifukwa amagwirizana ndi bwana n'kukaniza mnzake wa vuto lomwelo, lamulo lonse limaoneka lokondera. N'chifukwa chake ndi bwino kuti zopempha zonse zidutse pa munthu mmodzi.

Kodi aliyense asaine kuti walandira?

Pa kusintha kwa maola ndi pa lamulo lililonse limene kuliphwanya kungabweretse chilango, inde. Koma siyanitsani masiginecha awiri. "Ndalandira ndipo ndawerenga" ndi umboni woti uthenga unafika. "Ndavomereza" ndi kusintha mgwirizano, ndipo kumafunika pamene kontirakiti ikukhudzidwa. Musabise wachiwiri mkati mwa woyamba. Wina akakana kusaina kuti walandira, musakangane naye; lembani tsiku limene anapatsidwa pepalalo pamaso pa mboni, kenako mufunse chimene chikumudetsa nkhawa.

Kodi kulengeza lamulo latsopano n'kosiyana ndi kulengeza maola?

Mafupa ake ndi omwewo, koma pali zowonjezera. Lamulo limakhala chikalata chachitali, choncho chidziwitso chisalikopere lonse. Chinene mfundo zitatu kapena zinayi zimene munthu azichita mosiyana, ndi kumene lamulo lathunthu likupezeka. Chitchule lamulo lakale limene likuchotsedwa, ndi deti lake, kuti pasakhale malamulo awiri oyenda nthawi imodzi. Chinenenso chimene chidzachitike kwa woliphwanya, modekha, mogwirizana ndi ndondomeko ya chilango imene ilipo kale.

Funso limene limaiwalika ndi la zinthu zimene zili kale m'njira. Mukalamula kuti tchuthi chizipemphedwa kutatsala masabata awiri, nanga amene anapempha dzulo kuti apite Lolemba? Lembani chiganizo chimodzi: zopempha zimene zinaperekedwa lisanafike tsiku loyambira zitsatira lamulo lakale. Lamulo lisagwire ntchito chobwerera m'mbuyo, ndipo munthu asalangidwe pa zimene anachita lisanalengezedwe.

Nkhani yatuluka tisanalengeze, kapena talakwitsa m'chidziwitso. Tichite chiyani?

Ngati yatuluka, fulumizani. Tumizani mawu achidule tsiku lomwelo onena zimene zili zoona, zimene zisanagamulidwe, ndi tsiku limene chidziwitso chathunthu chituluke. Musakane chinthu chimene mudzachilengeze sabata yotsatira.

Ngati mwalakwitsa deti kapena nthawi, tumizani chidziwitso chonse chokonzedwa, osati kachidutswa. Pa mutu lembani kuti ndi chokonzedwa, mzere woyamba unene chimene chinalakwika, ndipo kope lakale lichotsedwe pa bolodi.

Tidziwa bwanji kuti chidziwitso chamveka, ndipo sabata yoyamba tiyendetse bwanji?

Musanatumize, patsani munthu mmodzi amene sanali nawo pokonza kuti awerenge, kenako mumufunse kuti pa 1 Juni afika nthawi yanji, ndipo Lachisanu aweruka nthawi yanji. Akabwerera pa pepala kukafufuza kawiri, lembaninso.

Mukatumiza, mafunso amene akubwera ndiwo muyezo. Funso lomwelo likafunsidwa ndi anthu atatu, vuto lili m'chidziwitso, ndipo yankho lipite kwa onse. Oyang'anira awiri akamayankha mosiyana pa nkhani ya ovataimu, aitaneni tsiku lomwelo. Kukhala chete kwa anthu onse si chizindikiro chabwino nthawi zonse. Nthawi zina kumasonyeza kuti sanawerenge, kapena akuopa kufunsa.

Tumizani chikumbutso Lachinayi kapena Lachisanu lomaliza tsiku loyambira lisanafike. Onetsetsani kuti makina kapena buku losainira polowa lasinthidwa, chifukwa likatsala pa 8 koloko lidzawerenga maola molakwika. Amene amasunga makiyi akhale atafika 7:30 isanakwane. Sabata yoyamba, ochedwa akumbutsidwe pakamwa osati kulemberedwa makalata a chenjezo, ndipo oyang'anira alembe zifukwa zimene akumva. Zifukwazo, pamodzi ndi chiwerengero cha makasitomala ofika pakati pa 7:30 ndi 8 koloko, maola a ovataimu, ndi mafoni amene sanayankhidwe Lachisanu masana, ndi zimene mudzaike patebulo pa 31 Ogasiti. Zotsatira za kuunikako zilengezedwenso kwa onse m'njira yomweyo, kaya maola apitirira, asinthidwa pang'ono, kapena mwabwerera ku 8 koloko.